Mawu aliwonse akhale ndi vocha yake

Mphwanga, imelo imene ukufuna kutumiza ku kampani ya zipangizo zomangira ya ku Limbe ija ndaiwerenga, ndipo ndikukupempha kuti usaitumize momwe ililimu. Chingerezi chake n'chabwino, ulemu ulimo. Vuto lili pa zimene wanena. Walemba kuti ndiwe wolimbikira ntchito, wokhulupirika, wodziwa kompyuta, wosamala pa manambala, komanso kuti za oditi unachitako. Aliyense amene waona chidziwitso cha ntchitoyi alemba zomwezo, ngakhale amene sanatsegulepo buku la ndalama chibadwire. Wowerengayo alibe pokusiyanitsira ndi iwowo.

Lamulo loyamba la ntchito yathu ukulidziwa: ndalama situluka popanda vocha, ndipo vocha siyenda yokha, kumbuyo kwake kumakhala invoisi ndi siginecha ya amene waloleza. Imelo yakoyi uilembe ndi mtima womwewo. Ukanena kuti umadziwa chakuti, pomwepo uike umboni wake: unachigwiritsa ntchito kuti, pochita chiyani, kangati pamwezi, ndipo ndani angavomereze. Mawu amene ulibe umboni wake uwachotse, ngakhale akhale okoma m'khutu.

Yamba waganizira amene adzaiwerenge. Ku banki kapena ku bungwe lalikulu kuli ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo kalata imadutsa m'manja ambiri. Pa kampani ya anthu makumi awiri kulibe zimenezo. Imelo yako adzaitsegula ndi mwini wake, kapena akauntanti mmodzi yekha amene ntchito yamukulira, ndipo mwina adzaiwerengera pa foni ataimirira pa kauntala, lole ya simenti ikutsitsa panja. Munthu ameneyu ali ndi nkhawa zake zenizeni. Sadziwa bwino amene ali naye ngongole ndi kuchuluka kwake. Mwezi ukatha mabuku satsekeka msanga. Amaopa chindapusa cha MRA. Ndipo, ngakhale sanalembe m'chidziwitso, amaopa kuberedwa, chifukwa pa kampani yaing'ono kalaliki yemweyo ndiye amalandira ndalama, kulemba malisiti, kukaika ndalamazo ku banki ndi kulowetsa zonse m'kompyuta, ntchito zimene kwina zimagawidwa kwa anthu atatu kuti azilondana. Iye sakufuna kumva mbiri ya moyo wako. Akufuna kudziwa ngati Lolemba likubwerali angakupatse mpando, makiyi a kabati ndi mulu wa mainvoisi, n'kupita kukachita zina mtima uli m'malo.

Tiyambe ndi za kompyuta, pakuti ndi pamene achinyamata mumadzitama kwambiri ndipo ndi pamene mumagwidwa msanga. Chidziwitsocho chatchula QuickBooks ndi Excel. Iwe kumene wagwira zaka ziwiri zija unkagwiritsa ntchito Sage Pastel, ndipo QuickBooks unangoiona m'kalasi. M'imelo mwako wandandalika mayina onse atatu motsatizana ngati onse ndi abale ako. Usatero. Nena zoona, ndipo zoonazo n'zokwanira kukugulitsa. Lemba kuti kwa zaka ziwiri wakhala ukulowetsa mu Sage Pastel mainvoisi a makasitomala ndi a ogulitsa katundu, malisiti ndi malipiro, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse unkatulutsa lipoti la angongole losonyeza amene apyola masiku 30, 60 ndi 90 osalipira. Kenako uwonjezere mzere umodzi wakuti QuickBooks unaiphunzira kusukulu koma sunaigwiritsepo ntchito pa kampani, ndipo poti kalowetsedwe ka zinthu n'kofanana sudzachedwa kuizolowera. Akauntanti aliyense amadziwa kuti amene wamvetsa chifukwa chimene invoisi imakwezera ngongole ya kasitomala ndi malonda nthawi imodzi savutika kusamuka kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina. Chimene sangakhululuke ndi kukukhazika pa kompyuta tsiku la intavyu, n'kukuuza kuti ubweze katundu wa kasitomala m'pulogalamu imene unati umaidziwa, iwe n'kumangoyendetsa maso pa sikirini. Akagwira bodza limodzi lokha, zonse zimene walemba zimasanduka zokayikitsa, ndi zoona zomwe.

Excel ndiye aliyense amati amaidziwa, ndipo ambiri amatanthauza kuti amatha kulemba mayina m'timabokosi n'kuphatikiza mzere. N'chifukwa chake mawu akuti umaidziwa kwambiri sanena kanthu. Tchula ntchito imene unachita nayo. Unandiuza kuti unkafanizira mitengo ya pa mainvoisi a ogulitsa ndi mndandanda wa mitengo imene munagwirizana nawo, ndipo unkachita zimenezo ndi VLOOKUP. Chimenecho ndicho choyenera kulemba. Koma usanachilembe udziyese wekha ngati ungafotokoze mzere ngati uwu popanda kuonera:

```
=VLOOKUP(A2,Mitengo!A:C,3,FALSE)
```

Akauntanti wodziwa ntchito adzakufunsa chinthu chimodzi chokha: mawu omalizawo, FALSE, ntchito yake n'chiyani? Yankho lake ndi lakuti amauza Excel kuti ipeze nambala ya katundu yofanana ndendende ndi imene ili mu A2, ndipo ikaisowa inene kuti yaisowa. Ukawasiya mawuwo, Excel imatola nambala yoyandikira n'kukupatsa mtengo wa katundu wina mwakachetechete, osadandaula, ndipo iwe umalipira misomali pa mtengo wa mabawuti. Amene angayankhe funso limeneli waonetsa luso la kompyuta ndi kusamala pa nthawi imodzi. Ngati umathanso kugwiritsa ntchito SUMIFS kapena PivotTable pophatikiza malonda a kasitomala aliyense, tchula zimenezo mu mzere womwewo. Za XLOOKUP usazinyadire kwambiri; mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, ndipo makampani ang'onoang'ono ambiri sasintha kompyuta ikadayakabe.

Tsono nkhani ya kusamala, imene ndi mtima wa ntchito ya kalaliki wa akaunti. Munthu sanganene yekha kuti salakwitsa, ndipo akanena ndiye kuti sanagwire ntchitoyi nthawi yaitali. Manambala amalakwika tsiku ndi tsiku. Kalaliki wabwino ndi amene ali ndi njira yogwirira cholakwacho chisanafike kwa bwana, kwa kasitomala kapena ku MRA. Ndiye m'malo molemba kuti ndiwe wosamala, fotokoza njira yakoyo. Ndipo njira imene mwini kampani aliyense amaimva ndi kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki mwezi ndi mwezi.

Ndikupatse chitsanzo chongopeka kuti uone chimene ndikufuna kuti mzere wakowo unyamule. Tinene kuti pa 30 Juni buku lako likusonyeza K8,462,300, pamene sitetimenti ya kubanki ikusonyeza K9,105,800. Kusiyana kwake ndi K643,500. Wosadziwa amathamangira kwa bwana kukanena kuti ku banki kuli ndalama zambiri kuposa momwe timaganizira. Wodziwa amakhala pansi ndi pensulo, n'kumachonga mzere ndi mzere mbali zonse ziwiri. Amapeza cheke cha K720,000 chimene munalembera wogulitsa malata pa 28, koma mwini wake sanakachisinthe. M'buku ndalamazo zinatuluka kale, ku banki zikadalipo. Amapezanso K22,500 imene banki yadula ngati malipiro ake, imene m'buku simunalembedwe. Zinthu ziwirizi zikanakhala zokha, kusiyana kukanakhala K697,500. Koma kusiyana kwenikweni ndi K643,500, ndiye kuti pali K54,000 imene sinafotokozedwe.

Apa ndi pamene amasiyana makalaliki. Wina amaiponya K54,000 ija mu akaunti ya zosadziwika n'kunena kuti adzaiona mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawa imapeza inzake. Wina amaigawa ndi 9. Ikagawika popanda chotsala, monga pano pamene yankho ndi 6,000, amakayikira kuti penapake manambala awiri oyandikana asinthana malo polemba, chifukwa cholakwa cha mtundu umenewu nthawi zonse chimasiya kusiyana kogawika ndi 9. Ndipo 6 uja akumuuzanso kuti manambala osinthanawo amasiyana ndi 6, monga 1 ndi 7 kapena 2 ndi 8. Amayang'ana malipiro a mweziwo, n'kupeza kuti ndalama zimene munalipira mwini lole zinali K171,000 koma m'buku munalowa K117,000. Akakonza zimenezi n'kulowetsanso K22,500 ya banki ija, buku limatsika kufika pa K8,385,800, ndipo sitetimenti akachotsapo cheke chija imafikanso pa K8,385,800. Zakumana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikuchenjezepo kuti kugawika ndi 9 si umboni, ndi pongoyambira kufufuza. Kusiyana kwina kumagawika ndi 9 mwangozi, ndipo cholakwacho uyenera kuchiona ndi maso pa vocha usanasinthe kanthu.

Nkhani yonseyi sungailembe m'imelo, ingatalike. Uisunge kuti udzaifotokoze pakamwa akadzakufunsa. M'imelo mulowe mzere umodzi kapena iwiri: kuti mwezi uliwonse unkayanjanitsa maakaunti awiri a kubanki pamodzi ndi a Airtel Money ndi TNM Mpamba, unkamaliza pofika tsiku lachisanu la mwezi wotsatira, ndipo sunkasiya kusiyana kosafotokozedwa. Za ndalama za pafonizo usaziiwale. Mabizinesi ang'onoang'ono masiku ano amalandira zambiri kudzera m'menemo, ndipo ndi mmene mumasokonekera zinthu, chifukwa kasitomala amatumiza ndi nambala ya mkazi wake kapena ya mnyamata wake wa ntchito, dzina lobwera pa foni n'kusiyana ndi la pa invoisi. Mwini sitolo akawerenga kuti zimenezi unazigwirapo, adzadziwa kuti ukudziwa pamene pamamupweteka. Koma manambala amene ukulembawo, kaya maakaunti awiri kaya tsiku lachisanu, akhale enieni a ntchito yako. Ngati unkamaliza pa 10, lemba 10.

Masiku a msonkho nawonso ndi umboni wa kusamala umene sufuna mawu ambiri. PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo fomu ya VAT pofika pa 25. Ngati unkakonza ndiwe mapepala ake, kapena kuwalowetsa pa Msonkho Online, nena choncho, ndipo unene mbali imene inali yako. Kusonkhanitsa mainvoisi ndi kukonza ndandanda ndi ntchito ina, kusainira ndi kutumiza ndi ina. Ngati akauntanti ndiye ankatumiza, iwe lemba kuti unkamukonzera ndandanda. Kuchuluka kwa misonkhoyo usakutchule m'imelo, kumasintha ndi bajeti, koma ukamapita ku intavyu udzakhale utaona kumene kulipo panthawiyo.

Pa za oditi ndiye ndikufuna undimvetsetse, chifukwa mzere wako wakuti unachitako za oditi ungamveke m'njira zitatu, ndipo wowerenga adzasankha imene iwe sunatanthauze. Pali amene anagwira ntchito ku kampani ya maodita, n'kumayenda nawo kukafufuza mabuku a ena. Pali amene anali kalaliki pamalo pamene maodita anabwera, ndipo ndiye ankawakonzera ndi kuwayankha. Ndipo pali amene anangokhalapo mu ofesi sabata imeneyo, n'kuwafutukulira mafaelo akafuna. Iwe uli m'gulu lachiwiri. Usachite nalo manyazi, ndipo usalibise m'mawu osamveka kuti uoneke ngati wa gulu loyamba. Kwa kampani yaing'ono, wa gulu lachiwiri ndiye wofunika kwambiri, popeza iwo sakufuna munthu wodzafufuza ena, akufuna munthu woti maodita akabwera asadzapeze chisokonezo.

Ganizira chimene oditi imatanthauza kwa mwini kampani. Banki isanamukongoze ndalama zambiri kawirikawiri imafuna maakaunti oti maodita awaona. Malipiro a maoditawo amatsata nthawi imene athera pa ntchito, ndiye mafaelo akakhala osokonekera, masiku amachuluka ndipo ndalama zimakwera. Akamaliza amasiya kalata yolembera akuluakulu a kampani, yondandalika zofooka zimene apeza, ndipo palibe bwana amene amakondwa kuiwerenga ikakhala yaitali. Kalaliki amene angafupikitse masikuwo ndi kalatayo wadzilipira yekha.

Choncho fotokoza zimene manja ako anachita. Odita amatola malipiro angapo mu leja, mwina makumi anayi, n'kunena kuti ndipatseni mavocha ake. Pa vocha iliyonse amafuna aone oda imene munalembera wogulitsa, invoisi yake, pepala losonyeza kuti katundu analandiridwadi m'nyumba yosungiramo, ndi siginecha ya amene analoleza kulipira, ndipo kuchuluka kwa katundu ndi mtengo zigwirizane pa mapepala onsewo. Ngati unali iwe amene unkasunga mavocha motsatira manambala ake kotero kuti onse amene anafunsidwa anapezeka tsiku lomwelo, chimenecho ndicho chidziwitso chako cha oditi, ndipo n'chachikulu. Ngati unawerenga nawo katundu wa m'sitolo tsiku lomaliza la chaka cha ndalama, odita ataimirira pambali ndi pepala lake, lemba. Kwa ogulitsa simenti, utoto ndi mapaipi mzere umenewu ndi wolemera kuposa satifiketi, chifukwa chuma chawo chambiri chagona m'katunduyo. Ngati unakonza ndandanda ya angongole imene maodita anatengapo mayina owalembera makalata otsimikizira ngongole zawo, kapena ndandanda ya katundu wokhalitsa wa kampani monga galimoto ndi makompyuta, lembanso. Sankha ziwiri kapena zitatu zimene ungazifotokoze bwino utafunsidwa mwadzidzidzi. Utchule zaka zake, monga oditi ya chaka cha 2023 ndi ya 2024 ngati zinali zimenezo, pakuti chaka chimasandutsa mawu kukhala chinthu chimene munthu angachifufuze.

Chinthu chimodzi usachite ngakhale chitakhala chokoma chotani: kuulula za m'nyumba ya eni ake. Ndaonapo makalata a achinyamata onena kuti kumene ndikugwira ndinagwira kashiya akuba ndalama zakuti, kapena kuti kampani yathu imagulitsa mamiliyoni akuti pamwezi, kapena kuti maodita anapeza kuti abwana sankalipira msonkho. Wolembayo amaganiza kuti akuonetsa luso. Wowerenga amaona munthu amene chaka chamawa adzalemba za iye kwa wina. Limbe ndi waung'ono, ochita malonda amadziwana, ndipo amagula kwa ogulitsa omwewo. Ukhoza kunena kuchuluka kwa ntchito yako, monga kuti unkalowetsa mainvoisi pafupifupi 300 pamwezi ngati ndi momwemo, koma ndalama za kampani, mayina a makasitomala ndi zimene maodita anapeza zikhale m'mimba mwako. Usatumizenso pepala lililonse la kuntchito kwako ngati chitsanzo cha luso lako. Ngakhale chifukwa chimene ukufunira kuchoka usachilembe. Akafuna adzakufunsa, ndipo ukadzayankha usadzanyoze amene akukulipira lero.

Tsono ndikulembere momwe ingamvekere. Ndikulemba m'Chichewa kuti uone mafupa ake. Iwe uilembe m'Chingerezi monga chinalembedwera chidziwitsocho, ndi mawu ako, ndipo pamene ndaika zimene si zako usinthe.

"Wokondedwa Bwana, ndikufunsira ntchito ya kalaliki wa akaunti imene munalengeza pa tsiku lakuti. Ndili ndi dipuloma ya ICAM, ndipo ndagwira ntchito yomweyi zaka ziwiri pa kampani yogulitsa katundu mopikulitsa.

Kumeneko ndimalowetsa mu Sage Pastel mainvoisi, malisiti ndi malipiro, ndipo mwezi ukatha ndimatulutsa lipoti la angongole. QuickBooks ndinaiphunzira kusukulu koma sindinaigwiritsepo ntchito pa kampani. Mu Excel ndimagwiritsa ntchito VLOOKUP pofanizira mitengo ya pa mainvoisi ndi imene tinagwirizana ndi ogulitsa.

Mwezi uliwonse ndimayanjanitsa maakaunti awiri a kubanki ndi a ndalama za pafoni pofika tsiku lachisanu, ndipo ndimakonzera akauntanti ndandanda za PAYE ndi VAT masiku ake asanakwane. Pa maoditi awiri apitawa ndine amene ndinakonza mavocha ndi ndandanda ya angongole imene maodita anafuna, ndipo ndinawerenga nawo katundu kumapeto kwa chaka.

Ndaphatikiza CV ndi masatifiketi anga. Ndikhoza kuyamba patatha mwezi umodzi kuchokera tsiku limene mwandiuza, ndipo ndine wokonzeka kuyesedwa pa kompyuta."

Waona kuti mulibe mawu akuti wolimbikira kapena wokhulupirika, koma munthu akamaliza kuwerenga amaganiza yekha zimenezo. Waonanso kuti yonse ikukwana pa foni munthu atangotsitsa chala kamodzi kapena kawiri. Mzere womalizawo, wodzipereka kuyesedwa, ndimaukonda chifukwa wabodza saulemba, ndipo olemba ntchito amadziwa zimenezo. Koma uulembe pokhapokha ngati uli wokonzekadi. Za mwezi umodziwo, yang'ana pangano lako la ntchito uone nthawi imene uyenera kupereka usanachoke, ndipo ulembe imeneyo. Ukalonjeza kuyamba mawa pamene uli pa ntchito ina, bwana watsopanoyo amaona momwe udzamusiyire iyenso. Za malipiro usayambitse ngati sanafunse. Ndipo dipulomayo uitchule ndi dzina lenileni lomwe lili pa satifiketi. Ngati patsala phunziro limodzi kuti umalize, nena kuti patsala limodzi.

Chatsala ndi chimene ambiri amagwera atalemba zonse bwino. Imelo yofunsira ntchito ya akaunti imawerengedwa mosiyana ndi ya woyendetsa galimoto kapena wogulitsa malonda. Kwa iwe imeloyo payokha ndi mayeso oyamba. Ukalemba kuti ndiwe wosamala koma dzina la kampani n'kuliphonya chilembo chimodzi, wadzitsutsa wekha. M'imene wanditumizira muli zinthu ziwiri zotere. M'ndime yomaliza mwatsala dzina la bungwe lina limene unafunsirako mwezi watha. Ndipo imelo ikuti unayamba ntchito mu Malichi pamene CV ikuti mu Meyi. Kwa wina zimenezi n'zazing'ono. Kwa akauntanti ndi mapepala awiri onena za chinthu chimodzi amene sakugwirizana, ndipo ntchito yake yonse ndi kukayikira mapepala otere. Uike imelo ndi CV pambali ndi pambali, uchonge masiku, mayina a ntchito ndi manambala a foni monga uchongera sitetimenti. Nambala ya foni uiwerenge mokweza, nambala imodziimodzi.

Pa mutu wa imelo ulembe dzina la ntchito monga alilembera iwo, mwachitsanzo `Application for Accounts Clerk`, n'kuwonjezera dzina lako, komanso nambala ya chidziwitso ngati aikapo. Usatenge imelo yakale n'kuitumizanso, chifukwa pamutu pamatsala `Fwd:` ndipo pansi pamaoneka onse amene unawafunsirako. Usatumizenso imodzi kwa makampani asanu nthawi imodzi, onse akuonana. Mapepala uwasandutse PDF, chifukwa a Word amasokonekera akatsegulidwa pa foni, ndipo uwapatse mayina omveka okhala ndi dzina lako m'malo mwa `scan0007.pdf`. Masatifiketi uwaphatikize m'faelo imodzi yosalemera, ojambulidwa mowongoka, osati chithunzi cha pa bedi chala chako chikuonekera m'mphepete. Adiresi imene ukutumizira ikhale ya dzina lako lenileni. Ija ya dzina lachibwana la kusekondale isiyire anzako, ndipo ya kuntchito kumene uli panopa usaigwiritse ntchito n'komwe.

Anthu okuchitira umboni uwasankhe moganiza. Mbusa ndi mphunzitsi wamkulu anganene za khalidwe lako, koma mwini kampani akufuna munthu amene anaona mabuku ako. Akauntanti amene ankayang'ana ntchito yako, makamaka amene anachoka kale pamalopo ngati sukufuna kuti abwana adziwe msanga, ndiye woyamba. Uwapemphe kaye usanalembe mayina awo, ndipo uwauze zimene walemba m'imelo kuti akaimbiridwa foni asadabwe. Ine usandilembe. Ndine malume ako, ndipo ngakhale nditanena zoona zokhazokha palibe amene angazikhulupirire.

Wina akakuyankha kuti utumize ndalama kuti pepala lako liganiziridwe, kaya akuti ndi za fomu kaya za kuchipatala, umusiye pomwepo. Kampani yofuna kalaliki sipempha ndalama kwa amene akufuna ntchito.

Ukamaliza kukonza, uyambe wadzitumizira wekha, uitsegule pa foni, uone ngati mafaelo onse alipo ndipo akutseguka. Adiresi ya kampaniyo uilembe pomalizira penipeni, kuti chala chisatumize kalata yosatha. Chidziwitso chikuti atseka Lachisanu 5 koloko madzulo. Usadikire Lachisanulo, magetsi ndi netiweki sizidziwa kuti uli ndi tsiku lomaliza. Tumiza Lachitatu m'mawa, ndipo masiku otsatirawo nambala yachilendo ikaimba uyankhe, utchule dzina lako.